Bolodi lachitatu: kusandutsa mapu a maganizo kukhala mndandanda, ndi vuto la mawu okhwatchidwa

Ntchito yotayipa mabolodi akale yafika pa chithunzi chachitatu, ndipo ili ndilo bolodi lokhala ndi zokhwatchakhwatcha zambiri. Ndi mapu a maganizo okonzera maphunziro a tsiku limodzi. Pakati pali mutu wozunguliridwa ndi mzere, ndipo kuchokera pamenepo pakutuluka nthambi zisanu: Malo, Anthu, Zida, Ndondomeko ndi Mayendedwe. Kupatula mutuwo, pabolodipo pali zinthu 47 zolembedwa, ndipo 9 mwa izo zili ndi mzere wodutsa pa mawu kapena pafupi nawo. Zopanda mzere sizichedwetsa. Nthawi yambiri imathera pa zisanu ndi zinayi zija, chifukwa mzere wodutsa pa mawu sutanthauza chinthu chimodzi nthawi zonse.

Za chithunzi ndingonena mwachidule. Fulashi imasiya chigamba chowala pabolodi loyera, ndipo mawu a pamenepo amasowa. Inki yofiira ndi yobiriwira imaoneka yofooka kuposa yakuda, pomwe zokonza zambiri zimalembedwa ndi mitundu imeneyi. Musasandutse chithunzicho kukhala chakuda ndi choyera musanachiwerenge, poti mtundu wa inki ndi umboni wa chomwe chinalembedwa poyamba ndi chomwe chinabwera pambuyo. Ngati bolodi likadalipo, jambulani chimodzi cha bolodi lonse ndi zina zapafupi zolowana m'mbali, kuti nthambi isadukire pakati pa zithunzi ziwiri.

Musanatayipe kanthu, werengani zinthu zonse ndi kulemba chiwerengerocho pambali. Nthambi iliyonse muiwerenge payokha: pano Malo ali ndi 8, Anthu 11, Zida 12, Ndondomeko 12, Mayendedwe 4, kuphatikizapo dzina la nthambiyo ndi mawu okhwatchidwa omwe. Chiwerengero chimenechi ndicho chidzakuuzeni kumapeto ngati china chatsala.

Kenako pamalembedwa makope awiri. Loyamba limatsata bolodi ndendende: chilichonse chimalowa pamzere wakewake, chokhwatchidwa ndi chosakhwatchidwa chomwe, popanda kukonza ngakhale kalembedwe kolakwika. Lachiwiri ndilo loyera, loti ena aziwerenga. Anthu ambiri amathamangira lachiwiri, n'kumasankha zotaya ali mkati motayipa, ndipo akazindikira kuti anamva molakwa alibenso pobwerera koma kukayambiranso kusuzumira pachithunzi.

Mutu wapakati umakhala mutu wa chikalata, usakhale kadontho koyamba ka mndandanda. Mukaupanga kadontho, zonse zimalowa mkati ndi sitepe imodzi popanda phindu. Nthambi zisanu zija zimakhala timadontho ta m'mphepete, ndipo tinthambi timalowa mkati pansi pa nthambi yake. Poti bolodi lilibe poyambira, sankhani njira imodzi: kuyambira pamwamba chakumanja n'kumazungulira ngati mmene muvi wa wotchi umayendera. Chotsimikiza kuti kanthu ndi ka nthambi iti ndi mzere wolumikiza, osati kuyandikana. Pabolodi ili mawu akuti "mabatire" ali pafupi ndi Ndondomeko chifukwa malo anatha, koma mzere wake ukuchokera pa maikolofoni, mu nthambi ya Zida.

```
# Maphunziro a tsiku limodzi

- Zida
  - pulojekita
  - maikolofoni
    - mabatire
```

Mu Markdown, kalembedwe ka zizindikiro monga kali pamwambapa, kadontho kamkati kamayambira pomwe payambira mawu a kadontho ka pamwamba pake. Pansi pa `- ` ndi mipata iwiri, koma pansi pa `1. ` pamafunika itatu. Mukaika iwiri pansi pa nambala, kanthambi sikalowa pansi pa nthambi yake. Mu Word, `Tab` amalowetsa kadontho mkati ndipo `Shift+Tab` amakatulutsa, ndipo masitepe amathera pa 9, ngakhale kuti mndandanda wopitirira masitepe anayi umakhala wovuta kale kuwerenga.

Tsopano mizere 9 ija. Itatu inali yokonza: mawu akale okhwatchidwa, atsopano olembedwa pamwamba kapena pambali pake. "Chipinda A" chinasanduka "Chipinda B", anthu 40 anasanduka 25, ndipo nthawi yoyambira inachoka pa 8:00 kufika pa 8:30. Chizindikiro chake ndi chakuti mawu atsopano alibe mzere wawowawo wochokera ku nthambi, akungokhala pamalo a akale aja. Mukawatayipa ngati timadontho tiwiri tofanana, wowerenga aganiza kuti zipinda zonse ziwiri zikugwiritsidwa ntchito. M'kope loyera mumakhala mawu atsopano okha.

Komabe pa zitatuzi pali chimodzi chomwe mawu ake akale ayenera kutsala, chomwe ndi 40 uja. Mu nthambi ya Zida muli "mipando 40" ndi "zolembera 40", zomwe palibe anazikonza pamene chiwerengero cha anthu chinatsika. Wotayipa asazisinthe yekha kukhala 25, chifukwa mwina zinasiyidwa dala. Asazisiyenso chete. Pa Anthu alembe kuti poyamba anali 40, ndipo pa mipando ndi zolembera aike funso. Njira yodziwira ngati mawu akale ndi ofunika ndi imeneyi: afufuzeni pena paliponse pabolodi. Akapezeka kwina, asungeni. Nthawi ya 8:00 sinapezekenso kwina kulikonse, choncho inatayidwa popanda vuto.

```
- Anthu
  - ophunzira 25 (poyamba 40)
- Zida
  - mipando 40 (FUNSO: ikhale 25?)
```

Mizere iwiri inali yosonyeza kuti ntchito yatha. "Kutumiza makalata oitanira" ndi "kusungitsa chipinda" zinakhwatchidwa chifukwa zinachitika, osati chifukwa zinakanidwa. Apa ndi pomwe kulakwitsa kumapweteka kwambiri, pakuti mukazitaya mndandanda umaoneka ngati ntchitozo palibe anaziganizira, ndipo mukazisiya zopanda chizindikiro wina adzazichitanso. Zimadziwika chifukwa ndi mawu a ntchito yoti ichitike, palibe cholowa m'malo mwake, ndipo mzere wake ndi umodzi wowongoka. Chokanidwa kawirikawiri chimakhala ndi mizere ingapo kapena mtanda. Zimenezi zimakhala pamalo ake ndi chizindikiro chochonga, `- [x]`, kapena mawu akuti "zachitika".

Mzere umodzi unali wa kusamutsa. "Kulembetsa mayina" kunakhwatchidwa pansi pa Anthu n'kulembedwanso pansi pa Ndondomeko, ndi muvi wofooka pakati pake. Kumalowa kamodzi, kumalo atsopano. Wina unali mzere wa pansi wotsindika womwe unapendekeka n'kukhudza zilembo zomaliza za mawu akuti "nthawi yopuma". Pokulitsa chithunzi zinaoneka kuti mzerewo ukuyambira pansi pa chilembo choyamba, pomwe wokhwatcha umayambira pakati pa chilembo. Mawuwo ndi amoyo, ndipo mwina ndi ofunika kuposa anzake.

Wachisanu ndi chitatu unali wokana: "kujambula kanema" kunakhwatchidwa ndi mizere itatu, popanda cholowa m'malo. Zokanidwa zisamafufutidwe. Zimapita kumunsi kwa chikalata pansi pa mutu wakuti Zokanidwa, ndi dzina la nthambi yomwe zachokera. Kadontho kamodzi sikalemetsa chikalata, koma kamathandiza kuti wina akadzabweretsanso ganizo lomwelo aone kuti linakambidwa kale.

Wovuta kwambiri ndi womaliza. Dzina la nthambi yonse, Mayendedwe, linakhwatchidwa, koma tinthambi take titatu tinasiyidwa: "basi", "nthawi yonyamuka" ndi "mapu a njira". Munthu akaima pabolodi amakhwatcha mutu wokha, sataya nthawi ndi kalikonse ka pansi pake, choncho nthawi zambiri nthambi ikafa tinthambi tafa nayo. Koma aliyense afunsidwe payekha ngati angakhale ndi tanthauzo popanda nthambiyo. Basi ndi nthawi yonyamuka sizingaime zokha. Mapu a njira amafunikabe, makamaka anthu akamabwera okha, ndipo pachithunzi ali ndi kamzere ka timadontho koloza ku Malo. Anasamutsidwira ku Malo ndi mawu osonyeza komwe achokera, enawo anapita ku Zokanidwa pamodzi ndi nthambi yawo, atalowa mkati monga analili. Musangochotsa mzere wa dzina la nthambi n'kusiya tinthambi, chifukwa timakagwera pansi pa nthambi ya pamwamba pake, basi n'kuoneka ngati gawo la Ndondomeko.

Kalembedwe ka zokhwatchidwa kamafunanso kusamala. `~~mawu~~` amagwira ntchito pa GitHub ndi m'mapulogalamu ena ambiri, koma mu CommonMark weniweni, yemwe ndi malamulo oyambira a Markdown, mulibe, ndiye kwina mumangoona tizizindikiro tokhatokha. Zimenezo n'zabwinoko, poti tizizindikiroto timachenjezabe. Choopsa ndi mzere wokhwatcha wa mu Word, womwe ndi kaonekedwe chabe: mukakopera mawu n'kuwamata pamalo olandira mawu okhaokha, mzere umasowa, ndipo chokanidwa chimadzuka ngati chamoyo. Mapulogalamu owerengera anthu osaona nawonso kawirikawiri satchula kuti mawu ndi okhwatchidwa. N'chifukwa chake m'kope loyera tanthauzo liyenera kukhala m'mawu, monga "zachitika", "poyamba", "Zokanidwa". Pulogalamu yowerenga zilembo pachithunzi ikhoza kuthandiza pa mawu oyera, koma pa okhwatchidwa imawawerenga ngati amoyo kapena kutulutsa zilembo zosamveka, ndipo mizere yolumikiza nthambi siiitsata.

Panalinso mawu awiri ofufutidwa ndi chofufutira omwe akuonekabe ngati chithunzithunzi. Amenewa sanawerengedwe pa 47 aja. Wokhwatcha amafuna kuti anthu aone kuti chinthu chasintha, pomwe wofufuta amafuna chichoke. Analembedwa m'kope loyamba lokha ndi mawu akuti "chofufutidwa". Muvi wodutsa kuchoka pa nthambi ina kupita pa ina, monga wa pulojekita woloza ku Chipinda B, sungaoneke mu mndandanda chifukwa kadontho kamakhala pansi pa nthambi imodzi yokha. Chinthucho chimalembedwa kamodzi, kwinako kumangolembedwa "onani Zida, pulojekita". Mukachilemba kawiri, tsiku lina chimodzi chidzakonzedwa china n'kuiwalika.

Kuwerenga komaliza kunayenda motere: m'kope loyera muli timadontho 39 ta zinthu za pabolodi, ku Zokanidwa kuli 4 (kanema, Mayendedwe, basi ndi nthawi yonyamuka), ndipo 4 talibenso mzere wawo, tomwe ndi mawu akale atatu okonzedwa ndi malo akale a kulembetsa mayina. Zonse pamodzi 47. Zomwe zatsala ndi mafunso awiri a mipando ndi zolembera, omwe angayankhidwe ndi okhawo amene analemba pabolodipo, ndipo mpaka atayankhidwa chithunzi chikusungidwa mufoda imodzi ndi makope onse awiri.