M'mene ndinasonkhanitsira mawu a kosi yokonza mainjini a maboti

Mabuku a mainjini amene timaphunzitsira kuno ku Mangochi ndi a m'Chingerezi, koma ophunzira akamaliza amakagwira ntchito padoko, pomwe asodzi amafotokoza vuto la injini m'Chichewa kapena m'Chiyao. N'chifukwa chake ndinaganiza zokonza kabuku ka matanthauzo a mawu m'zinenero ziwiri.

Mawu a Chingerezi sanavute, ndinangowatola m'silabasi ndi m'buku la injini. Ntchito yeniyeni inali kumbali ya Chichewa. Ndinanyamula zipangizo m'thumba n'kupita kwa amakaniko a ku Makawa ndi ku Monkey Bay. Sindinkawafunsa kumasulira. Ndinkaika chitsulocho m'manja mwawo n'kufunsa kuti, "Bambo, ichi mumachitchula chiyani?" Akati pulagi, kabuleta kapena pisitoni, ndinkalemba momwemo. Kupeka dzina latsopano pomwe ogulitsa masipeya amadziwa kale lina n'kumuvutitsa wophunzira. Mayina akapezeka awiri, lofala ndinkaliika patsogolo, linalo pambali pake.

Mawu amene anandidyera nthawi ndi akuti mafuta. Pakamwa pathu petulo ndi mafuta, oilo ndi mafuta, girisi nayenso ndi mafuta. Komatu injini ya thusitiroko, mtundu wina wa mainjini a maboti, imafuna oilo wake wosakaniza ndi petulo, ndipo pa mainjini ambiri muyezo ndi gawo limodzi pa magawo 50, kutanthauza theka la lita m'thanki ya malita 25. Mwana akawerenga kuti "thira mafuta" n'kuthira petulo yekha, pisitoni imatentha n'kukakamira, msodzi wagona ndi njala. Choncho ndinalekanitsa petulo, oilo wosakaniza, oilo wa giya ndi girisi, ndipo aliyense ndinamupatsa chiganizo chosonyeza komwe amalowa. Mu Excel mzere umodzi unkaoneka chonchi:

```
gear oil | oilo wa giya | amathiridwa kunsi, pafupi ndi pulopela
```

Posanja mawu a Chichewa motsata alifabeti, maverebu onse anaunjikana pa K chifukwa amayamba ndi ku-. Ndinawasanja potengera tsinde: kumanga pa M, kupopa pa P. Mayina ndinawalemba monga a chinthu chimodzi, ochulukitsa pambali, kuopa kuti mapulagi ndi mawaya angadzadze pa M.

Ndisanasindikize ndinayala zipangizo patebulo, n'kumawerengera ophunzira atsopano tanthauzo la Chichewa lokha kuti atole chomwe ndikunena. Apa ndi pomwe tanthauzo lofooka limaonekera. Nditawerenga kuti "chosefa", ena anatola fyuluta ya petulo, ena analoza timabowo tolowera madzi oziziritsa injini, ndiye ndinalembanso zonse ziwiri motchula chomwe chikusefedwa. Kenako makaniko wina wachikulire anawerenga tsamba lililonse, ndipo kumapeto ndinasiya danga lakuti ophunzira azilembamo mawu a Chiyao omwe akumana nawo kunyanja.