Momwe ndinalembera pepala lopangira chiponde pa malo anga ku Mtendere

Chiponde chimene ndimagulitsa m'mabotolo ndinkachipanga ndekha, ndipo zonse zinali m'mutu ndi m'manja mwanga. Maoda atachuluka ndinalemba ntchito mtsikana wina wochokera ku Katete. Nshawa amazidziwa kuyambira ali mwana, koma iye amadziwa chiponde cha kwawo, pamene ogula anga anazolowera changa. Botolo la Lolemba liyenera kufanana ndi la Lachisanu, mtundu ndi mchere womwe. Ndiye ndinaganiza zolemba pepala loti aziwerenga ine ndikapita ku msika wa Soweto muno mu Lusaka kukagula katundu.

Sindinalembe nditakhala pampando. Ndinapanga chiponde monga mwa masiku onse, kope lili pambali, ndipo dzanja likati ligwire kanthu ndinkaima kaye n'kukayeza. Zimachedwetsa, koma palibe njira ina yogwirira zinthu zimene manja amachita mutu usakudziwa. Mawu oti "pang'ono", "mokwanira" ndi "zikapsa bwino" ndinawaletsa papepalapo, chifukwa pang'ono panga si pang'ono pake.

Choyamba kuchotsa chinali meda, chitini choyezera nshawa. Pamsika timagula ndi meda, koma wina amadzaza mpaka kusefukira, wina amasalaza, ndipo nshawa zazikulu za Chalimbana sizikhala m'chitini mofanana ndi zazing'onoko. Ndinalemba kuti ulendo umodzi wokazinga ndi makilo 10 a nshawa zosankha kale, oyezedwa pa sikelo. Ndinawonjezera mzere wooneka wachibwana: ika beseni lopanda kanthu pa sikelo, dina batani la TARE, uone ziro, ndiye uthire nshawa. Munthu amene sanagwirepo sikelo yotere amayeza ndi beseni lomwe, ndipo cholakwikacho chimayenda naye mpaka pa mchere.

Pa kusankha sindinalembe kuti "chotsa zoipa". Ndinazitchula: zofota, zachuku, zakuda kapena zachikasu mkati, zobooledwa ndi tizilombo, timiyala. Apa ndinaika ndi chifukwa chake, ngakhale m'malo ena ambiri sindinafotokoze zifukwa. Chuku cha nshawa chimasiya poizoni wotchedwa aflatokisini amene amawononga chiwindi, ndipo moto wokazingira sumuthetsa. Wantchito akapanda kudziwa zimenezi amaganiza kuti moto ukonza zonse, tsiku lotanganidwa n'kudumpha kusankha.

Pamene panandidyera nthawi ndi pokazinga. Ndimakazingira mu mgolo wozunguza ndi dzanja pamwamba pa makala. Mu mgolo wanga makilo 10 amapsa pakati pa mphindi 25 ndi 35, ndipo mpata wa mphindi khumiwo ndi waukulu moti ukhoza kusiyanitsa chiponde chotuwa chonunkha ziwisi ndi chowawa chopserera. Makala amasiyana thumba ndi thumba. Mgolo wozizira wa m'mawa mu Juni suchita ngati womwewo pa ulendo wachitatu masana a Okutobala. Nshawa zongokololedwa kumene zimakhala ndi chinyezi ndipo zimachedwa kuposa zimene zagona m'thumba miyezi ingapo. Ndikanalemba kuti "kazinga mphindi 30", pepalalo likanakhala loona masiku ena okha.

Ndiye nthawi ndinaisandutsa chenjezo chabe, chigamulo n'kuchipereka kwa maso. Mzerewo unatuluka motere: "Zunguza osaima. Zikakwana mphindi 20 tapa nshawa zisanu, uzifikise m'manja, uziswe pakati, uyerekeze mkati mwake ndi za m'botolo lachitsanzo. Ngati zikadali zoyererako, bwereza pakapita mphindi zitatu. Zikafanana, tsitsa nthawi yomweyo." Botolo lachitsanzolo ndi kabotolo ka nshawa zimene ndinakazinga ndekha mpaka pa mtundu umene ndimafuna, wonga tiyi wothira mkaka wambiri. Mtundu sulembeka ndi mawu, ndipo chithunzi cha pafoni chimasintha ndi kuwala, n'chifukwa chake kabotoloko kamakhala kopachikidwa pafupi ndi pepala. Ndimakasintha mwezi ndi mwezi. Pepala limanenanso kuti ayang'ane mkati osati khungu, popeza khungu lofiira la nshawa za mtundu wa MGV4 limanamiza maso, munthu n'kuyesa zapsa zisanapse.

Mzere wotsatira ndi umene ndikanauiwala ndikanalemba za m'mutu: "Khuthulira pa thireyi, uyale mopyapyala, osaunjika." Nshawa zikaunjikana zili zamoto zimapitiriza kupsa zokha, ndiye wakazinga bwinobwino koma zapakati pa mulu zadera. Zikazizira khungu limasupuka mosavuta pofikisa, kenako kupeta.

Mchere ndinaumangirira pa kulemera kwa nshawa zopeta, osati zosakazinga. Makilo 10 aja akadutsa pamoto ndi pa lichero amatsika, chifukwa chinyezi chauluka, makoko apita, ndipo timasankhanso kachiwiri zimene zaonekera kuipa khungu litachoka. Tsiku limene ndinkalemba zinatsala makilo 8.4. Mchere wanga ndi magalamu 10 pa kilo iliyonse, ndiye unakhala magalamu 84. Kuti asavutike ndi masamu moto uli pafupi, ndinalemba kuti nambala ya pa sikelo aichulukitse ndi khumi, n'kuika zitsanzo ziwiri pambali: 8.0 ndi 80, 8.7 ndi 87. Sipuni sindinaitchule n'komwe. Mchere wamiyalamiyala ndi wosalala sulemera chimodzimodzi pa sipuni imodzi, komanso wamiyalawo susungunuka m'mafuta, umangokukutika m'kamwa. Pepala limati wosalala basi.

Zogaya ndi zothira m'mabotolo sizinavute kulemba. Kugaya kawiri, mchere kusakaniza ndi nshawa usanayambe, mabotolo ndi zivindikiro zouma gwa. Mawu oti zouma ndinawalemba ndi zilembo zazikulu, chifukwa dontho la madzi m'botolo ndi pamene chuku chimayambira.

Nditamaliza ndinamupatsa pepalalo n'kukhala pakona, nditadziuza kuti pakamwa nditseke. Kumeneku ndiye kuyesa pepala, ndipo n'kovuta, lilime limayabwa. Paliponse pamene anaima kapena kundicheukira ndinaika kachizindikiro m'kope, chifukwa pamenepo pepala silinanene zomveka. Atafika pa kuziziritsa anafunsa kuti, "Amayi, kuzizira kwake kufike pati? Pamwambapa zazizira koma pansi pakutentha." Ndinasintha mzerewo kukhala woti alowetse dzanja mpaka pansi pa thireyi, ngati sakumva kufunda apitirize. Anaimanso pa mzere wina umene unali ndi ntchito zitatu pamodzi, anachita ziwiri n'kudumpha yapakati. Kuchokera pamenepo mzere uliwonse unakhala ndi ntchito imodzi, ndipo umayamba ndi chochita: yeza, tapa, yala, peta. Chenjezo ndinalisamutsira pamwamba pa ntchito yake, popeza munthu amawerenga mzere n'kuchita, za pansi amaziona zitachitika kale.

Zonse zinakwana pa tsamba limodzi, m'Chinyanja chimene timalankhula pantchitopo, ndipo ndinalilowetsa m'pulasitiki kuopa mafuta. Pakona pali deti limene ndinalilemba. Ndikasintha kanthu ndimalemba latsopano n'kung'amba lakale tsiku lomwelo, kuti pakhoma pasakhale mapepala awiri otsutsana.

Pambali pake pali kope limene amalembamo ulendo uliwonse: deti, kumene nshawa zachokera, mphindi zimene zatenga pamoto, makilo otsala ndi mchere. Detilo timalilembanso pa mabotolo a tsikulo. Wogula akati chiponde chawawa, ndimaona deti pa botolo n'kutsegula kope. Makilo otsala akatsika mpaka 7.5, ndimadziwa kuti thumba limenelo linali ndi zowola zambiri kapena chinyezi, ndipo nkhaniyo ndimakakamba ndi amene anandigulitsa.