Mmene Ndinabatizira Gitala ya Malume

Pakati pa abale anga ndimadziwika kuti ndine katswiri wa magitala a magetsi, ndipo mbiri imeneyi ndinaipeza chifukwa ndimatha kuyang'ana gitala pa chithunzi n'kutchula amene anaipanga ndisanawerenge dzina lolembedwa pamutu pake. Luso limeneli si lozama monga mmene iwo amaganizira, chifukwa malo oyang'ana ndi atatu okha: thupi, mutu, ndi timabatani topotokola. Ngati zochunira nsambo zonse 6 zandandalikidwa mbali imodzi ya mutu, maganizo amapita kwa Fender, ndipo chotsala n'kuwerenga nyanga za thupi lake. Nyanga ziwiri, mapikapu atatu opyapyala, tizida totola mawu a nsambo, ndi timabatani titatu, imeneyo ndi Stratocaster, imene inatuluka mu 1954. Thupi lathyathyathya lodulidwa mbali imodzi yokha, mapikapu awiri ndi timabatani tiwiri tokhala pa kachitsulo kakatali, imeneyo ndi Telecaster. Zochunira zikagawikana zitatu uku zitatu uko, ndipo mutu n'kupendekekera kumbuyo, munthu amayamba kuganiza za Gibson. Zimenezi ndinkazinena pamtima, ndipo ndinkazinena ngakhale pamene palibe wandifunsa.

N'chifukwa chake malume atalandira gitala kuchokera kwa mnzawo wina amene ankasamuka ndipo analibe poiyika, anandiitana kuti ndikawauze chimene agwira m'manja. Nditafika ndinapeza kuti ali ndi mlendo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, amene anandipatsa moni mwaulemu n'kubwerera pampando wake wapakona. Malume anafuna kundifotokozera za bamboyo, koma ine maso anali kale pa bokosi la gitala, ndipo ndinawadula mawu powapempha kuti alitsegule.

Chivundikiro chitangokwezedwa, mtima wanga unagunda. Thupi linali lochindikala, lodulidwa mbali yam'munsi yokha pafupi ndi khosi, nkhope yake yotukuka pang'ono pakati, ndipo utoto wake unali wachikasu pakati n'kumafiirira chakumphepete. Panali mapikapu awiri aakulu okutidwa ndi chitsulo chonyezimira, timabatani tinayi tasonkhana m'munsi, ndi swichi yaing'ono payokha paphewa lam'mwamba. Pamutu panalembedwa dzina la Gibson. Ndinaimirira, ndinakonza kolala ya malaya, ndipo ndinalengeza kuti: "Malume, m'nyumba muno mwalowa Les Paul yeniyeni."

Kunena zoona, apa pokha panali pokwanira, koma munthu akapeza omvera awiri sasiya msanga. Ndinatembenukira kwa mlendo uja, amene ndinamuona ngati wosadziwa kanthu pa za magitala, n'kuyamba kumuphunzitsa. Ndinamuuza kuti Les Paul inayamba kupangidwa mu 1952, ndi kuti mapikapu aakuluwo, amene ali ndi makoyilo awiriawiri kuti athetse kulira kwa magetsi, anayamba kuikidwapo mu 1957. Ndinamusonyeza zizindikiro zoyera zokhomedwa pakhosi, n'kufotokoza kuti zikakhala zamakona anayi koma zotambalala mbali imodzi kuposa inzake, ndiye kuti ndi mtundu wa Standard, pamene mtundu wa Custom umakhala ndi zizindikiro zofanana mbali zonse ziwiri ndiponso chithunzi cha dayamondi wogawikana pamutu. Ndinawonjezera kuti mtundu wa Studio ulibe mkombero woyera m'mphepete mwa thupi, ndipo popeza gitala ya malume inali nawo mkomberowo, mlandu unali watha: inali Standard. Bamboyo anagwedeza mutu mofatsa n'kunena kuti, "Ndikumva, achimwene, pitirizani." Ine ndinatenga mawuwo ngati kundiyamikira.

Kenako ndinafika pa timabatani, pamene ndinkaona kuti ndi pachimake pa nzeru zanga. Ndinalumikiza gitala ku ampulifaya yaing'ono ya malume n'kufotokoza kuti pa Les Paul pikapu iliyonse ili ndi timabatani take tiwiri, kena ka voliyumu, kena kofewetsa kapena kuthwetsa mawu, ndipo swichi ya paphewa ili ndi malo atatu: m'mwamba imasankha pikapu yapafupi ndi khosi, m'munsi yapafupi ndi buliji, kachitsulo ka pathupi kamene nsambo zimatsamirapo, ndipo pakati zonse ziwiri. Zonsezi n'zoona, ndipo mpaka lero ndikhoza kuzilumbirira. Ndinakankhira swichi m'munsi, ndinakhwatcha nsambo, kenako ndinagwira kabatani kofewetsa mawu a pikapu imeneyo. Kanali kolimba kwambiri, ndipo kankangosuntha pang'ono n'kubwerera. Ndinauza omvera anga kuti kulimba koteroko ndi chizindikiro cha zipangizo zapamwamba, chifukwa zotchipa zimangozungulira mwawedewede. Ndinakapotokola mwamphamvu, ndinakhwatchanso nsambo, ndipo ndinatseka maso n'kuwafunsa ngati akumva mmene mawu afewera. Malume anati sakumva kusiyana kulikonse. Ndinawayankha mwachifundo kuti khutu limafunika kuphunzitsidwa, ndipo pofuna kuwathandiza ndinapotokolanso ndi mphamvu zanga zonse.

Kabataniko kanatsalira m'manja mwanga. Pansi pake panalibe kamtengo kachitsulo kamene kabatani kamavalapo. Panali bowo lokha, lozunguliridwa ndi guluu wouma wachikasu.

Malume anatsokomola pang'ono n'kuvomera kuti anakamata ndi iwo dzulo lake, chifukwa anakapeza kakugubuduka m'bokosi ndipo sanafune kuti ndidzaone gitala yoperewera. Izi zikutanthauza kuti mawu ofewa amene ndinawamva nditatseka maso anachokera m'mutu mwanga momwe, popeza kabataniko sikanalumikizidwe ku waya uliwonse.

Munthu wanzeru akanakhala pansi pamenepo, koma ine ndinaganiza zopulumutsa ulemu wanga ndi nambala. Ndinati kabatani kakhoza kuthyoka pa gitala iliyonse, koma nambala yodindidwa kuseri kwa mutu sinama. Ndinafotokoza kuti kuyambira mu 1977 Gibson inkagwiritsa ntchito nambala ya manambala 8, momwe loyamba ndi lachisanu akaphatikizidwa amatchula chaka, ndipo atatu a pakati pawo amatchula tsiku la m'chakacho. Gitala ili chikhalire pamiyendo panga, ndinapendeketsa mutu wokha n'kuwerenga mokweza: 95127033. Loyamba 9, lachisanu 7, ndiye kuti 1997. Ndinalengeza chakacho monyadira, kenako ndinapitiriza ndi mawu omwewo a mphunzitsi kuti gitalayo inadindidwa pa tsiku la 512 la chaka chimenecho. Mawuwo anatuluka onse ndisanawamve ndekha. M'chipindamo munakhala zii, mpaka malume anafunsa, mosaseka n'komwe, ngati zaka za kumene amapanga magitala zimatalika kuposa zathu.

Apa m'pamene mlendo uja anadzuka n'kupempha kuti aigwireko. Anaitenga m'njira imene inandidetsa nkhawa nthawi yomweyo, dzanja limodzi pakhosi lina pansi pa thupi, ndipo chinthu choyamba chimene anachita ndi chimene ine sindinachite chifikireni: anaitembenuza. Pamene khosi limakumana ndi thupi panali kachitsulo kamakona anayi, ndipo m'makona mwake munali masikuluwu anayi akuluakulu. "Achimwene," anatero mofatsa, "khosi la Les Paul Standard ya Gibson limalowetsedwa m'thupi n'kumatidwa ndi guluu, moti kumbuyo kuno kumakhala kosalala. Kumanga khosi ndi masikuluwu ndi kapangidwe kamene timakadziwa kwambiri pa Fender." Mfundo imeneyi ndinkaidziwa bwino lomwe, ndipo ndinaiphunzitsapo anthu ena, koma masikuluwuwo anakhala atatsamira pamimba panga nthawi yonse imene ndinkalalikira.

Malume anapeza mpata womaliza mawu amene ndinawadula poyamba paja, ndipo anandiuza kuti bamboyo ndi mmisiri wokonza magitala, amene anayamba ntchitoyo ine ndisanabadwe.

Mmisiriyo sanandinyoze, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa kunyozedwa. Anabwezera gitala chagada n'kundiitana kuti tiyang'ane limodzi kachivundikiro kooneka ngati belu kamene kali pamutu, pamwamba penipeni pa khosi, kobisa nati ya chitsulo chowongolera khosi. Anandipempha kuti ndiwerenge masikuluwu ake, ndipo ndinapeza atatu. Anati pa Les Paul ya Gibson amakhala awiri, lina m'mwamba lina m'munsi, pamene atatu amapezeka kawirikawiri pa Epiphone ndi pa magitala otengera. Kenako analoza mizati iwiri imene buliji imakhalapo, yonenepa ndiponso yokhala ndi mng'alu wolowetsapo sikuludiraiva pamwamba, n'kunena kuti ya Gibson nthawi zambiri imakhala yowonda ndipo imakwezedwa ndi timagudumu topotokola ndi zala. Pomaliza anapendeketsa mutu wa gitala kuti kuwala kugwere pa dzina lija, ndipo m'mphepete mwa zilembo munaoneka kamzere kosonyeza kuti ndi pepala lopyapyala lomatidwa pamwamba pa utoto, pamene pa Standard dzinalo limakhomedwa m'kati mwa nkhope ya mutu ndipo chala sichilimva.

Ndinayesa kugwira nthambi yomaliza pofunsa ngati mwina inali Epiphone, popeza kampani imeneyo inagulidwa ndi Gibson mu 1957 ndipo imapanga Les Paul movomerezeka, ina mwa iyo ya khosi lomanga ndi masikuluwu. Anayankha kuti Epiphone imalemba dzina lake pamutu popanda manyazi, ndipo mutu wake nthawi zambiri umadulidwa mosiyana ndi uwu, umene nsonga yake inatengera ndendende kaonekedwe ka buku lotsegula ka Gibson. Anafotokoza kuti m'zaka za m'ma 1970 mafakitale ambiri, makamaka a ku Japan, ankapanga magitala a thupi la Les Paul okhala ndi khosi la masikuluwu, ndipo kutengera mutu kunafika poti mu 1977 eni ake a Gibson anakasuma kukhoti. Malinga ndi iye, thupi ndi timabatani zimangokuuza gitala imene wopangayo ankafuna kutsanzira, ndipo kuti udziwe wopangayo uyenera kuyang'ana malo amene wotsanzira savutika nawo: kumbuyo kwa khosi, pansi pa mapikapu, ndi m'kati mwa bowo la mawaya.

Anatulutsa sikuludiraiva m'thumba la jekete n'kumasula chivundikiro chakumbuyo. M'katimo munali zida zovalapo timabatani zitatu m'malo mwa zinayi, ndi waya umodzi wodulidwa wokulungidwa ndi tepi, koma dzina la fakitale kapena chidindo chilichonse munalibe. Chigamulo chake chinali chakuti ndi gitala yotengera yakale, yopangidwa bwino ndithu, imene munthu wina anaimata dzina ndi kuidinda nambala pambuyo pake, ndipo munthuyo sankadziwa kuwerenga masiku a chaka. Anati khosi lake ndi lowongoka ndipo ikhoza kuimba bwino akaikamo chida chachinayi chija.

Malume anafunsa ngati angathe kuikonza sabata yomweyo, ndipo mmisiriyo anavomera, koma anati pakufunika kabatani kaja. Tinakafunafuna pansi pa mipando, m'bokosi ndi kuseri kwa ampulifaya, ine ndikutsogolera ntchitoyo mwakhama kuti ndioneke wothandiza pa kanthu kena. Anali malume amene anazindikira kuti dzanja langa lamanzere linali lofumbata chiyambire, ndipo anandipempha mwaulemu, pamaso pa mlendo wawo, kuti katswiri atambasule zala.