Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Nthutumba inali ya mzime

Ndinakuuzani kale kuti tinakulira ku Mabvuku mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ana atatu, ine wachisamba mtsikana, kenako mchimwene wanga wachiwiri, kenako mzime wathu wamwamunanso. Ababa anachokera ku Dedza ndipo ankagwira ya ukhukhi kwa mzungu wina ku Avondale, kunyumba amabwera loweruka basi.

Nde akabwera amayi amapha nkhuku. Aliyense akudziwa kuti nthutumba ndi ya bambo wa pakhomo, koma iwowo amaitola mmbale mwawo nkuika mwa mzime ife tikuona, nkunena kuti "uyu ndiye mwana wanga, Mmalawi weniweni, enanu ndinu a konkuno." Chifukwa chake akuti nkhope ngati ya malemu agogo, komanso ankawayankha m'Chichewa pomwe ife lilime limathamangira ku Chishona. Amanena moseka koma loweruka lililonse, mpaka pamaso pa alendo a ku tchalitchi.

Zinafika poipa mu 2008, ija ndalama imatha mphamvu uli pa mzere wa buledi. Aphunzitsi anali pa sitalaka, mchimwene wanga wachiwiri ali fomu 4 akuyenera kulemba mayeso a boma a ZIMSEC. Munthu umafunika masabujekiti 5 kuphatikizapo Chingerezi kuti satifiketi ikhale ndi ntchito, ababa anamulipirira atatu okha akuti ndalama palibe. Mwezi womwewo marandi omwe bwana wawo anawapatsa anapita kwa mphunzitsi wina woti aziphunzitsa mzime kunyumba kwake, mwana wa giredi 5 abale, wopanda mayeso alionse chaka chimenecho.

Chomwe chimandidabwitsa mpaka pano nchoti wachiwiriyu sanawakwiyire ababa ayi, ankawapukutirabe nsapato, mkwiyo onse unagwera mwana. Sankamumenya, anali ochenjera. Anangosiya kumuitana dzina nkumati "mwana wa ababa", akalowa kuchipinda nkhani imathera pompo, ku mpira osamutenga, ndipo akalakwitsa kanthu iye amasunga mpaka loweruka nkukanena pa chakudya. Ababa amangoti "ndi mwana uyu musiyeni", basi moto nkukolera.

Mwananso naye anaphunzira msanga kuti misozi yake ili ndi mtengo. Kungomukhudza, "ndikanena kwa ababa."

Amayi anayesa ndithu. Tsiku lina ndinawamva kuseri akuti "abambo ake, anawatu onse ndi anu, mukuwadanitsa." Yankho linali loti mtima sulamulidwa. Kuyambira pamenepo amayi anayamba kumubisira wachiwiri chiwindi mu poto, mzime atazindikira anayamba kunena kuti amayi amamuda, nde pakhomo panakhala matimu awiri, ine pakati ngati wotsuka mbale.

Disembala wake ababa anati akupita kumudzi, basi yodzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndipo ndalama ikukwana anthu awiri. Sanafunse ndi komwe kuti ndani akufuna. Usiku woti mawa anyamuka, pasipoti ya mzime inasowa. Komwe inakapezeka ndikuuzani gawo likubwerali.