Mlandu wanga wa chipukuta misozi, kuchokera pa chisamani mpaka chigamulo

Ndine telala, ndimasoka pa khonde la sitolo ku Limbe. Minibasi inandigunda ndikuwoloka msewu, fupa la mwendo wakumanja linathyoka, ndipo kuchipatala anandiikamo chitsulo. Mwendo umenewu ndi womwe ndimapondera makina. Nditachira pang'ono ndinakasuma ku bwalo lalikulu la milandu ku Chichiri, ndipo kumeneko ndinaona kuti mlandu wa pakati pa anthu sufanana ndi wa polisi. Boma silikuyimbirani munthu mlandu, palibenso amene apite kundende. Inu wodandaula ndi amene muyenera kuonetsa kuti munalakwiridwa ndiponso kuti munataya zingati. Ndinaonanso kuti mlandu woterewu umapindulidwa kapena kutayika pa pepala, kalekale munthu asanaime pamaso pa jaji.

Funso loyamba la loya wanga linali la tsiku la ngozi, osati la ululu. Lamulo limapereka zaka 3 zokha kuti munthu asume pa nkhani ya kuvulala, pomwe pa nkhani ya kuphwanya mgwirizano limapereka zaka 6. Nthawiyo ikadutsa, mbali inayo imangouza khoti kuti mwachedwa, ndipo zipsera zanu sizithandizanso kanthu. Ambiri amataya zaka zimenezi podikira malonjezo a mwini galimoto.

Malamulo a kayendetsedwe ka milanduyi ku bwalo lalikulu ndi a chaka cha 2017. Mlandu umayamba ndi chisamani, ndipo pamodzi nacho pamapita chikalata chofotokoza dandaulo lonse ndi mndandanda wa mapepala amene mukudalira. Tinasumira anthu atatu: dalaivala, mwini minibasi chifukwa dalaivalayo anali pa ntchito yake, ndi kampani ya inshuwalansi. Pa chikalatacho sitinangolemba kuti dalaivala anali wosasamala. Tinatchula kusasamalako chimodzichimodzi: kuthamanga pamalo podzaza anthu, kusayang'ana kutsogolo, kulephera kumanga mabuleki kapena kukhota kuti andipewe. Kenako tinalemba mabala monga momwe lipoti la dokotala linanenera, ndiyeno zimene ndikupempha.

Apa m'pamene a loya anandikhazika pansi nthawi yaitali. Chipukuta misozi chili pawiri. Pali cha ululu, cha chilema ndi cha zinthu zimene sungathenso kuchita monga kale; chimenechi khoti limachiyeza lokha poyerekeza ndi milandu ina yofanana. Palinso ndalama zenizeni zimene zinatuluka m'thumba kapena zimene sunapeze chifukwa cha ngozi, ndipo izi ziyenera kulembedwa ndi kuchuluka kwake kuyambira pachiyambi, kenako kutsimikizidwa. "Mayi," anatero, "chimene sitilemba lero sitidzachipempha mawa." Choncho ndinabwera ndi malisiti a mankhwala, lisiti ya lipoti la polisi, ya lipoti la chipatala, ndi kope langa la maoda, lija lokhala ndi miyeso ya m'chiuno ndi ya mapewa m'mphepete, momwe ndimalemba zimene aliyense walipira.

Chisamani chiyenera kufika m'manja mwa amene mukuwasumira, ndipo woperekayo amalumbira pa pepala kuti anapereka liti komanso kwa yani. Cholinga chake n'chakuti munthu asaweruzidwe asakudziwa, komanso masiku amawerengedwa kuchokera pamenepo. Wosumiridwa ali ndi masiku 14 oti anene ngati akutsutsa, ndi masiku 28 oti apereke yankho lake lonse. Akakhala chete, wodandaula angapemphe chigamulo popanda kuzenga mlandu, ngakhale khoti limatha kuchichotsa ngati winayo abwera ndi chifukwa chomveka ndi yankho looneka kuti lili ndi mutu.

Amene tinawasumira aja anayankha. Nditawerenga yankholo mtima unandipweteka, chifukwa anakana pafupifupi chilichonse, ngakhale kukula kwa mabala anga. Koma a loya anatenga cholembera n'kuyika mapepala awiriwo pambalipambali. Anavomera kuti minibasi ndi yawo, kuti inali ndi inshuwalansi, kuti ngozi inachitika tsiku limenelo. Zimenezo sizifunanso umboni. Anakana kusasamala, nati ine ndinawoloka osayang'ana, choncho ngozi ndinaichititsa ndekha kapena ndinathandizira. Zotsala zinali zitatu basi: kodi dalaivala anasasamala, kodi ine ndinali ndi gawo, nanga ndinataya zingati. Ntchito ya zikalata zoyambirirazi ndi imeneyi, kupeta nkhani ngati mpunga m'lichero kuti mankhusu apite patsale zokangana zenizeni. Gawo la wovulala si nkhani yaing'ono: khoti likapeza kuti munalakwitsa magawo 20 pa 100, pa K5,000,000 mumalandira K4,000,000.

Zikalata zitatha kusinthanidwa, tinaitanidwa kokambirana pamaso pa mkhalapakati. Pa malamulo a 2017, milandu yambiri iyenera kudutsa pamenepa isanazengedwe, ndipo mkhalapakatiyo ndi jaji. Sitinakhale m'bwalo koma m'chipinda, mozungulira tebulo. Mbali iliyonse inali itapereka kale kalata yaifupi ya mfundo zake. Jajiyo sanaweruze, anangofunsa mbali iliyonse pomwe ikuona kuti mlandu wake ndi wofooka. Zonse zolankhulidwa mmenemo ndi zachinsinsi, sizingatchulidwe pozenga mlandu, n'chifukwa chake munthu angathe kunena kuti "tingapereke zakuti" popanda kuopa kuti wavomera kulakwa. A inshuwalansi anatchula ndalama imene inatengera kuti theka la vuto linali langa. Ndinakana. Koma ndikunena moona kuti ndikanalandira ndalama yocheperapo ndi imene ndinkayembekeza akanapanda kuumirira theka limenelo, chifukwa mukagwirizana pamenepa mumasayina, nkhani yatha, ndipo telala wosasoka sadya chigamulo cha chaka chamawa. Zitakanika, fayilo inapita kwa jaji wina amene sanamve zimene tinakambirana.

Jaji watsopanoyo anaitana maloya ku msonkhano wokonza ndondomeko. Anaika masiku: lakuti mbali zonse zionetsane mapepala, lakuti zipereke umboni wolembedwa wa mboni iliyonse, lakuti zipereke mfundo za malamulo mwachidule, ndi la kuzenga. Kuonetsana mapepala kumakhudza ngakhale amene akukupwetekani. Kope langa linali ndi miyezi ina imene maoda anali ochepa kwambiri, ya nthawi ya dzinja anthu akamasunga ndalama za feteleza, ndipo masamba amenewo anapita nawo limodzi. Sungang'ambe tsamba. Khoti silifuna kuti munthu abise mboni kapena pepala kuti adzadzidzimutse mnzake pa tsiku la mlandu.

Umboni wanga wolembedwa ndinauwerenga mobwerezabwereza ndisanasayine, atandimasulira ndime iliyonse, pakuti mapepala a khoti amalembedwa m'Chingerezi. Tinakonza pomwe panalembedwa kuti ndinali pakati pa msewu, chifukwa ndinali nditatsala pang'ono kufika tsidya lina. Kusiyana kwa mapazi ochepa kumeneku ndiko kunali mtima wa mlandu. Munthu amene wangolowa kumene mumsewu angakhale atadzidzimutsa dalaivala, koma amene watsala pang'ono kumaliza kuwoloka wakhala akuoneka kwa nthawi.

Pa tsiku lozenga, wodandaula ndiye amayamba. Ndinalumbira, ndinatsimikiza kuti chikalata cha umboni ndi changa ndi kuti siginecha ndi yanga, ndipo chinalowa ngati umboni wanga. Sindinafotokozenso nkhani yonse kuyambira pachiyambi monga timachitira kwa amfumu. Nthawi yomweyo loya wa mbali ina anaimirira n'kuyamba kundipanikiza ndi mafunso kudzera mwa womasulira. Munayang'ana mbali iti poyamba? Minibasi munaiona ili pati? Ngati munaiona, munawolokeranji? Mafunso amenewa amayesa ngati zolembedwazo zingaime zikagwedezedwa. Yankho lalifupi ndi loona ndilo limateteza, ndipo pomwe sukumbukira umanena kuti sukumbukira. Atatha, loya wanga anandifunsa pang'ono kuti awongole pomwe panasokonekera, osati kuyambitsa zatsopano.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti lipoti la polisi palokha silipambanitsa mlandu. Langa linanena kuti dalaivala ndiye analakwa, koma wapolisi amene analemba sanaone ngoziyo, ndipo lipoti loperekedwa ndi munthu amene sanalilembe limatengedwa ngati zongomva. Limasonyeza kuti nkhani inafika ku polisi, osati kuti zolembedwamo n'zoona. Amene anandithandiza pa mlanduwo anali mayi wina wogulitsa nthochi pafupi ndi pamalopo. Anauza khoti kuti minibasi inkapikisana ndi inzake kulimbirana okwera, kondakitala ali pakhomo, ndi kuti inaima patali ndithu itandigunda. Loya wa mbali ina anamuzungulira ndi mafunso koma sanasunthe.

Dalaivala atafika poyankha mafunso ananena mwadzidzidzi kuti mabuleki anaduka. A loya anga anatsutsa pomwepo. M'yankho lawo munalibe za mabuleki, m'chikalata chake cha umboni munalibenso, ndipo ife sitinapatsidwe mpata wofufuza za galimotoyo. Jaji sanaiwerengere mfundoyo. Wofuna kusintha zimene analemba amapempha chilolezo cha khoti nthawi ikadalipo, kuti mnzake akonzekere kuyankha. Lamulo lomwe linandivutitsa ndi malisiti ku ofesi ya loya ndi lomwenso linanditeteza tsiku limenelo.

Umboni utatsekedwa, maloya anapereka mfundo zomaliza zolembedwa, kulumikiza zimene mboni zinanena ndi malamulo. Muyeso wa mlandu wotere ndi wopepukirapo kusiyana ndi wa milandu ya upandu. Jaji safunika kutsimikiza mopanda chikaiko chilichonse, amangoona mbali imene nkhani yake ikulemera kuposa inzake. Kudikira chigamulo kunali kotopetsa kuposa magawo ena onse, chifukwa palibe chimene ungachite.

Chigamulo chinayankha mafunso aja motsatana, ndi zifukwa zake, kuti wosakhutira athe kuchita apilo ku khoti la Suprimu. Dalaivala anasasamala. Umboni woti ine ndinathandizira ngozi panalibe. Mwini minibasi ayenera kulipira limodzi naye, ndipo mbali yogonja ilipirenso zolipira za mlandu. Koma kuchuluka kwa ndalama jaji anakutumiza kwa rejisitala, mkulu wa ofesi ya khoti, choncho ndinakaimanso kachiwiri, n'kuonetsa chipsera cha opaleshoni ndi mmene bondo likukanira kupindika. Za malisiti zinaperekedwa zonse. Za miyezi imene sindinasoke anaziwerengera pa kope lija, miyezi yabwino ndi yoipa pamodzi. Ndalama za kabaza wopita nane kuchipatala sizinaperekedwe, popeza panalibe pepala lozitsimikiza.

Khoti silitulutsa ndalama m'thumba mwake, ndipo chigamulo ndi pepala lokupatsani mphamvu yokatenga. Kampani ya inshuwalansi imalipira kufika pa malire a mgwirizano wake ndi mwini galimoto, ndipo zanga zinapitirira malirewo. Inalipira gawo lake, zotsalazo zinagwera mwini minibasi. Atazengereza, a loya anabwereranso kukhoti kukatenga chilolezo choti masherifu akalande katundu wake n'kugulitsa. Njira ina imene ilipo ndi yopempha khoti kuti lilamule banki yake kupereka ndalama za mu akaunti. Masherifu atangofika pa galaja pomwe amasungira minibasi, iye anatumiza loya wake kudzapempha kuti azilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo tinalemba mgwirizanowo n'kuupereka kukhoti.