Pamene ndinasiya kuwerenga maphatikizo

Kwa masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi mizere iwiri yokha ya ndakatulo ya Chingerezi imene mphunzitsi wathu anatipatsa kuti timasulire m'Chichewa, ndipo dzulo usiku m'pamene mtima unakhala pansi nditazindikira chimene ndinkalakwitsa. Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 8, mawu onse ndi a phatikizo limodzi, ndipo liwu limagunda kanayi, phatikizo lopepuka kutsogola, lolemera kutsatira. Mzere woyamba ukunena kuti mvula yasiya ndipo m'nyumba muli bata. Wachiwiri ukunena kuti woyankhulayo akudikira munthu wina, mneni wa kudikira n'kubwerezedwa katatu.

Poyamba ndinatsata tanthauzo, osafuna kutaya kanthu:

Mvula yasiya kugwa, m'nyumba mulibe phokoso lililonse.
Ndikukudikira iwe, ndikudikira, ndikudikirabe.

Palibe bodza m'mizere imeneyi, koma woyambawo uli ndi maphatikizo 20, wachiwiri 19, ndipo ukailakatula mokweza umamva ngati munthu akufotokozera mnzake za nyengo. Ndinayesa kuidula kuti ifike pa 8, koma sizinatheke, pakuti liwu lakuti "ndikukudikira" palokha latenga kale 6.

Chimene chinanditsegula maso n'chakuti Chichewa sichigunda pa phatikizo lachiwiri lililonse monga imachitira mizere ya Chingereziyo. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, makamaka pamene tikufuna kupuma, kotero kuti khutu la womvera limawerenga malo opumira, osati maphatikizo. Nditabwerera ku ndakatulo ija ndinapeza kuti mzere woyamba umapuma kawiri, wachiwiri katatu, ndipo n'zimenezo zimene ndinayenera kusunga:

Mvula yakata, m'nyumba zii.
Ndikudikira, kudikira, kudikira.

Mzere wachiwiriwu uli ndi maphatikizo 13, ochulukabe kuposa 8, koma palibe amene angaumve kutalika, chifukwa liwu likukoka pa "ki" katatu ndipo kukokako ndiko kudikira kwenikweniko. Mvekero wakuti "zii" wagwira ntchito imene mawu atatu aja, "mulibe phokoso lililonse", ankaigwira mwaulesi. Kunena zoona, tsopano ndikuona ngati mvekero ungathe kupulumutsa pafupifupi mzere uliwonse umene watalika, ndipo ndayamba kuufunafuna ngakhale pamene mwina sukufunika.

Komabe njira yachiwiriyi ili ndi mtengo wake. "Zii" si bata chabe; amanena za malo amene mwachoka anthu, mozizira, mopanda moyo, pamene mlakatuli uja anangoti muli bata, n'kumusiya wowerenga kuti adzipezere yekha kusungulumwako pa mzere wotsatira. Ine ndaulula msanga chimene iye anabisa. Ndinayesa "chete", koma "chete" akumveka ngati m'nyumbamo muli anthu amene atseka pakamwa. Ndinayesanso "bata", ndipo nyumbayo inasanduka ya mtendere, chonsecho woyankhulayo alibe mtendere. Kuwonjezera apo, liwu la Chingerezi limene lili pamalowo limathanso kutanthauza kuti chinthu chikupitirirabe, ndipo "-be" wa m'kumasulira koyamba anasunga kafungo kameneko, kamene m'kwachiwiri katayika.

Vuto lina ndi munthu wodikiridwayo. Nditachotsa "iwe" ndinadzitonthoza kuti "ku" wa mu "ndikudikira" angathe kuimira iyeyo, monga timanenera kuti ndikudikira pakhomo potanthauza kuti tidikira munthu amene tikuyankhula nayeyo. Papepala matanthauzo awiriwa, lakuti kudikirako kukuchitika tsopano ndi loloza kwa munthuyo, amaoneka chimodzimodzi, popeza sitilemba kukwera ndi kutsika kwa liwu, koma wolakatula ayenera kusankha limodzi, ndipo akasankha loloza kwa munthuyo, nthawi ya mneni imasuntha n'kukhala ya kutsogolo. Pamenepo ndakatulo ya munthu amene watopa ndi kudikira yasanduka lonjezo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti m'kalasi tinathera maola ambiri pa kufananitsa mathero a mizere, chinthu chimene m'Chichewa n'chosavuta konse, popeza mawu athu amathera ndi lembo la liwu, malembo a liwuwo alipo asanu okha, ndipo aneni ambiri amathera ndi "a". Za malo opumira mphunzitsi sanatchuleko n'kamodzi komwe, ndipo nditamufunsa anangoti womasulira wabwino amasunga zonse ziwiri, yankho limene silithandiza munthu amene watsala ndi masiku awiri kuti apereke ntchito.

Ndipereka kumasulira kwachiwiri, chifukwa ndi kumene ndingathe kulakatula pamaso pa anthu osachita manyazi. Chokhacho chimene ndikukayikabe ndi "iwe" uja. Ndikamubwezera kumapeto kwa mzere, malo opumira akhala anayi, ndipo kubwereza katatu kuja kusweka. Ndikamusiya, sindikudziwa ngati womvera adzazindikira kuti pali munthu amene sanabwere, kapena adzangoganiza kuti woyankhulayo akudikira kuti mvula iyambenso.