Ndaphunzira kuthandiza mwana pa samu osamuuza yankho

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikuthandiza mwana wa achemwali anga pa homuweki madzulo kwathu ku Chilomoni, ndipo ngakhale ndikuphunzira zauphunzitsi, ndinkadziwa njira ziwiri zokha: kumuuza kuti aganize bwino, kapena kumulanda pensulo n'kumulembera zonse. Sabata yatha m'pamene ndinamvetsa chimene ndinkalakwitsa, ndipo mtima wanga wapepuka kwambiri.

Mtsikanayu ali Fomu 1, ndipo pa pepala lake la masamu panali funso lakuti 3(x + 4) = 27. Iye analemba 3x + 4 = 27, kenako 3x = 23, n'kuima pomwepo chifukwa 3 salowa bwino mu 23. Anafufuta mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka, kenako anati, "Amalume, samu iyi aphunzitsi analakwitsa kulemba." Kale ndikanayamba kufotokoza lamulo la mabulaketi kuyambira pachiyambi. Tsiku limenelo ndinakumbukira zimene tinawerenga za David Wood, amene pamodzi ndi anzake anafufuza m'zaka za m'ma 1970 momwe akuluakulu amathandizira ana pa ntchito yovuta. Lamulo limene linatuluka m'kafukufukuyo ndi lalifupi: mwana akalephera, wonjezera thandizo pang'ono, akakhoza, lichepetse pang'ono. Mawuwa ndinawaloweza kale pokonzekera mayeso, koma sindinazindikire kuti amafuna kuti munthu akhale ndi masitepe a thandizo okonzeratu, kuyambira lopepuka kufikira lolemera, ndi kuti chimene chimasankha sitepe yotsatira ndi zomwe mwana wangochita, osati kutopa kwa womuthandiza.

Sitepe yoyamba sinakhudze masamu n'komwe. Ndinati, "Funso lili bwinobwino. Tandiwerengera mzere wako woyamba, undiuze momwe wachokera ku funsolo." Anawerenga, nanena kuti wachotsa mabulaketi, ndipo sanaone vuto. Apa ndinadziwa kuti sikunali kuphonya kwa changu, chifukwa mwana amene wangophonya amadzigwira yekha akamawerenga mokweza. Ndinakwera sitepe imodzi yokha, yoloza malo popanda kutchula cholakwa: ndinaika chala pa 3 wa kunja kwa bulaketi n'kufunsa kuti akugwira ntchito yanji. Anayankha kuti akuchulukitsa x, ndipo anandiyang'ana kudikira kuti ndimuvomere.

Pamenepa m'pamene pali chinthu chimene chinanditsegula maso. Yankho lakelo linandiuza chenicheni chimene chili m'mutu mwake, chakuti 3 amachulukitsa chokhacho chimene wayandikana nacho. Thandizo lotsatira linayenera kulimbana ndi ganizo limenelo, osati kumukankhira ku mzere wotsatira wa yankho langa. Ndinatembenuza pepala n'kulemba 2(5 + 3), mopanda chilembo chilichonse, ndipo ndinamuuza kuti aipeze m'njira ziwiri. Ataphatikiza kaye za m'kati anapeza 16. Atachotsa mabulaketi mwa njira yake ija analemba 10 + 3 n'kupeza 13. Anakhala chete akuyang'ana manambala awiriwo, ndipo ine ndinadziletsa kulankhula, ngakhale mawu anali atafika kale pamlomo. Patapita kanthawi anati, "Ndiye kuti 3 uyunso amafunika kutaimusa." Anabwerera yekha ku funso lija n'kukonza mzere woyamba kukhala 3x + 12 = 27.

Ndinali ndi sitepe yachinayi m'thumba, yomwe sinafunike: kumuchitira samu yofanana nayo, 2(y + 6) = 26, mzere ndi mzere mpaka y = 7, kenako n'kumubwezera funso lake. Samu yotere iyenera kukonzedwa mosamala kuti manambala ake onse asiyane ndi a funso lenileni ndiponso yankho lake lisafanane, apo ayi mwana amangokopera maonekedwe ake. Poyamba ndinaganiza za 2(y + 6) = 22, koma nditaiwerengera ndinapeza kuti yankho lake ndi lomwelo la funso la pa homuweki, ndipo ndikanakhala nditamuuza yankho ndisakudziwa.

Theka lachiwiri la lamulo lija, lochepetsa thandizo, ndi limene ndinkaliiwala nthawi zonse. Mwana akakhoza mzere umodzi, mtima umafuna kupitiriza kumutsogolera: kumufunsa kuti 27 kuchotsa 12 ndi zingati, kenako kuti agawe ndi chiyani. Mafunso otere amaoneka ngati kuphunzitsa, koma amaduladula samu mpaka mwana amangotsala ndi kuchotsera ndi kugawa kwa ku pulayimale, pamene kusankha chochita, komwe ndiko phunziro lenileni, wachita ndi wamkuluyo. Uku ndi kuulula yankho pang'onopang'ono. Choncho atalemba 3x + 12 = 27 ndinangoti, "Pitiriza," n'kupita kukatunga madzi akumwa. Nditabwera anali atamaliza, ndipo anafunsa ngati wakhoza. Sindinavomere kapena kukana, koma ndinamuuza kuti aike nambala yakeyo pamalo pa x m'funso loyambirira aone ngati ituluke 27. Itatuluka anamwetulira osayang'ananso kwa ine. Mawa lake ndinamupatsa 5(x + 2) = 40 ndisanatchule kanthu za dzulo, ndipo analemba 5x + 10 mosazengereza. Kumeneko ndiko kuyesa kumene ndimakukhulupirira, chifukwa samu imene wakhoza ndili pambali pake siindiuza zambiri.

Pa masitepe onsewa, ndimaona kuti kuchotsa chilembo n'kuika manambala okhaokha kumaposa ena onse, ndipo ndayamba kukhulupirira kuti pafupifupi cholakwa chilichonse cha alijebula ya Fomu 1 ndi Fomu 2 chingathe kuchizidwa motero. Mwana amene amalemba kuti (a + b)² ndi a² + b² angoyesa ndi 2 ndi 3, apeze 25 mbali ina ndi 13 mbali inayo, ndipo manambalawo amutsutsa okha popanda wamkulu kumunena kuti walakwa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'kalasi mwathu tinaphunzira mayina a akatswiri ndi matanthauzo a mawu awo, koma palibe tsiku limene wotiphunzitsa anabweretsa pepala lenileni la mwana lokhala ndi cholakwa n'kutifunsa kuti tinganene chiyani choyamba, chachiwiri ndi chachitatu. Nthawi nayonso imandidetsa nkhawa. Funso limodzi lija linatitengera pafupifupi mphindi 15, pamene pepalalo linali ndi mafunso 12, ndipo aphunzitsi ake amangochonga yankho lomaliza osayang'ana njira. Sindingawaimbe mlandu kwambiri poganizira mulu wa makope umene amanyamula, koma zotsatira zake n'zakuti mwana amaona kuti chofunika ndi kudzaza pepala, ndipo amene akumuchedwetsa ndi mafunso amaoneka ngati akumuzunza.

Palinso zimene sindinazithetse. Njirayi inayenda chifukwa mtsikanayu anali atalemba kanthu kolakwika komwe ndikanatha kukawerenga, koma masiku ena amangokhala ndi pepala loyera n'kunena kuti sakudziwa poyambira, ndipo pamenepo ndimasowa pogwira posankha sitepe yoyamba. Ndayambanso kuona kuti nthawi zina amayankha msanga kuti "sindikudziwa" pa masitepe awiri oyamba, ngati wazindikira kuti akapirira pang'ono thandizo lolemera lifika lokha. Sindikudziwa ngati ndiyenera kumuumiriza kuti alembe kanthu ndisanakwere sitepe, kapena ngati kutero kungamugwetse mphwayi pa tsiku limene wasokonezekadi. Dzulo ndinayesa kudikira nthawi yaitali, ndipo anatseka kope n'kunena kuti akafunsa mnzake m'mawa.